Wolota mawu achinsinsi tiyenera kumuchedwetsa

Ife amene tinayamba kugwira foni zam'manja nthawi ya mabatani tinaleredwa ndi lamulo la katatu. Ukalakwitsa katatu nambala yachinsinsi ya simukhadi, foni inkafuna PUK, ndipo ukalakwitsa katatu pamakina otapira ndalama, khadi lako linkatsekedwa. Lamuloli ndi lanzeru pamalo ake, chifukwa munthu woyesayo amayenera kukhala ndi khadilo m'manja. Makomo olowera pa intaneti atachuluka, opanga mapulogalamu anagawanika pawiri: ena anakopera lamulo la katatu mmene lilili, ena sanaike malire alionse. Onse awiri analakwitsa, ndipo kusintha kumene kwachitika m'moyo wathu womwewu, kochoka pa kutseka akaunti n'kufika pa kuchedwetsa woyesa, ndikuona kuti ndi kolondola.

Tiyambe ndi khomo lopanda malire. Mu Januwale 2009 mnyamata wina anasiya pulogalamu ikuyesa mawu a m'dikishonale usiku wonse pa akaunti ya wogwira ntchito ku Twitter. Mawu achinsinsi anali `happiness`, ndipo panalibe choletsa kuyesa kambirimbiri. Akauntiyo inali ndi mphamvu zosinthira mawu achinsinsi a anthu ena, choncho maakaunti a anthu otchuka, kuphatikizapo ya Barack Obama, analandidwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho mawu achinsinsi okwana 32 miliyoni a kampani ya RockYou anabedwa ali osabisidwa, ndipo ofala kwambiri anali `123456`. Kuyambira pamenepo wakuba salotanso mwachisawawa, amayenda ndi mndandanda wa mawu amene anthu amakondadi. Masamu ake ndi osavuta. Pulogalamu yoyesa kakhumi pa sekondi imayesa maulendo 864,000 pa tsiku, ndipo mndandanda wa mawu 10,000 imaumaliza m'mphindi 17, munthu asanamalize n'kuphika nsima komwe.

Lamulo la katatu limaimitsadi zimenezi, koma limapereka mpeni kwa mdani. Khomo la pa intaneti aliyense amalifikira ali kwawo, ndipo dzina lolowera nthawi zambiri ndi imelo kapena nambala ya foni yodziwika kale. Munthu wanjiru akalemba dzina la mlembi wa zachuma n'kulakwitsa dala katatu m'mawa wa tsiku lamalipiro, mwini wake watsekeredwa panja ngakhale wanjiruyo sanabe kanthu. Ndi mndandanda wa maina a antchito onse, amatseka bungwe lathunthu. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la NIST la ku America a 2017, otchedwa SP 800-63B, sanatchule katatu. Anati kulephera kotsatizana pa akaunti imodzi kusapitirire 100, ndipo anatchula kudikiritsa kokulirakulira ngati njira yopewera kutsekera panja mwini wake.

Kuchedwetsako kumayamba ndi kuwerenga zopempha zochokera ku adilesi imodzi ya IP. Pa seva ya nginx amalemba motere:

```
limit_req_zone $binary_remote_addr zone=login:10m rate=5r/m;

location = /login {
    limit_req zone=login burst=5 nodelay;
    limit_req_status 429;
}
```

Mzere woyamba ukulola kasanu pa mphindi, kutanthauza kamodzi pa masekondi 12 alionse. Mawu akuti `burst=5` akusiya mpata woti munthu amene zala zamuterereka ayese kangapo motsatizana osakanidwa. Wopyola pamenepo amalandira yankho la `429 Too Many Requests`, limene linakhazikitsidwa mu 2012. Mzere wotsirizawo ndi wofunika, chifukwa popanda uwo nginx imayankha `503`, ndipo woyang'anira amaganiza kuti seva yagwa pamene ikungokana wakuba. Ndi malire amenewa, mndandanda uja wa mphindi 17 tsopano ukutenga maola 33.

Otsutsa amati ntchitoyi ndi yachabe chifukwa wakuba ali ndi maadilesi ambiri, ndipo umboni ali nawo. Mu Novembala 2013 GitHub inalengeza kuti maakaunti ake anayesedwa pang'onopang'ono kuchokera ku maadilesi pafupifupi 40,000. Adilesi iliyonse mwa ochuluka chonchi itayesa kasanu kokha pa mphindi, onse pamodzi ayesa maulendo 200,000, popanda ndi imodzi yomwe yopyola malire. Koma zimenezi zikungosonyeza kuti kuwerenga adilesi yokha n'kosakwanira. Pafunika chiwerengero chachiwiri, chomangidwa pa dzina la akaunti, chosasamala kumene woyesa akuchokera. Munthu akalephera kasanu, adikire sekondi imodzi, kenako ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu, mpaka kufika pa mphindi 15 osapitirira. Pamenepo akaunti imodzi imayesedwa maulendo 96 okha pa tsiku, ndipo mawu 10,000 amafuna masiku oposa 100, kaya wakubayo ali ndi adilesi imodzi kapena 40,000.

Wina anganene kuti tabwereranso ku vuto lakale, popeza wanjiru angamayese mosalekeza n'kusiya mwini wake ali pamzere wodikira mpaka kalekale. Chodandaula chimenechi ndi chenicheni ndipo sindikuchipeputsa. Yankho lake ndi kusiyanitsa mlendo ndi wapakhomo. Munthu akalowa bwino, seva imasiya kachizindikiro kosainidwa pa foni kapena kompyuta yake, ndipo chipangizo chobwera ndi kachizindikiroko chimakhala ndi chiwerengero chakechake. Alendo onse amagawana mzere wodikira uja, koma mwini akaunti pa foni yake ya masiku onse amalowa osamva kanthu. Chifukwa chomwechi chimatiletsa kulimbitsa mopitirira malire a adilesi. Makampani a foni amatulutsira makasitomala ambirimbiri pa adilesi imodzi, monganso sukulu kapena ofesi, ndipo kwathu kuno, kumene ambiri amalowa pa intaneti ndi foni, kasanu pa mphindi kangakane anthu osalakwa tsiku lotuluka zotsatira za mayeso. Malire a adilesi akhale omasuka, olimba akhale a akaunti.

Cholakwika chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha malire ooneka ngati alipo koma asakugwira ntchito. Seva ikakhala kuseri kwa ina yogawa ntchito, zopempha zonse zimaoneka ngati zachokera ku adilesi imodzi, ndiye anthu onse amakanidwa limodzi. Pothawa zimenezi wopanga pulogalamu amayamba kukhulupirira `X-Forwarded-For`, kuiwala kuti mzere umenewu woyesa angaulembe yekha n'kumasintha adilesi ulendo uliwonse. Uyenera kukhulupiriridwa pokhapokha waikidwa ndi seva yathuyathu. Chimodzimodzi chiwerengero chikasungidwa padera pa seva iliyonse mwa zinayi, malire amakula kanayi, choncho chimafunika malo amodzi onga Redis. Ndipo dzina losakhalapo lizichedwetsedwa mofanana ndi lenileni, apo ayi kusiyana kwa mayankho kumauza wakuba maina oti awalimbikire.

Pali mbali imene otsutsa amapambana, ndipo ndiyenera kuvomereza. Wakuba woyesa mawu amodzi okha pa maakaunti 50,000, kapena wobwera ndi maina ndi mawu achinsinsi obedwa kwina, amayesa akaunti iliyonse kamodzi, ndipo chiwerengero cha akaunti sichimuona. Amaonekera m'kaundula wa seva, pamene kulephera kwakwera mwadzidzidzi pa maina ambiri osiyanasiyana, ambiri mwa iwo osakhalapo. Mankhwala ake ndi ena: kukana mawu achinsinsi ofala ndi obedwa kale, ndi kufuna umboni wachiwiri monga nambala yosinthasintha pafoni. Kuchedwetsa sikulowa m'malo mwa zimenezi, koma popanda iko ngakhale nambala ya manambala sikisi ija imalotedwa, pakuti ilipo miliyoni imodzi yokha. Inu amene mumasamala khomo lotere, lembani mawu olakwika maulendo 200 pa akaunti yanu yoyesera, kuchokera pa foni ndi pa kompyuta yomwe, ndipo mukapanda kudikiritsidwa, konzani sabata ino.