Kachizindikiro ka pa CD's

Pa zikwangwani za mashopu m'makomboni timaona "CD's for sale", ndipo nafenso timalemba tero pa WhatsApp osaganiza. Koma m'Chizungu kachizindikiro kam'mwambako kamaonetsa mwini wa chinthu: "the CD's cover" ndi kava ya CD imodzi. Akakhala ambiri, timangowonjezera s yaing'ono: CDs, NRCs, DJs.

Pamene kamathandizadi ndi pa zilembo zazing'ono zoima zokha. Tikalemba "two i's" popanda kachizindikiroko zimasanduka "two is", ndipo "a's" imakhala "as". Apo kasiyeni kakhale.

Chotisetsa n'chakuti m'Chinyanja tinathana nazo kale ndi ma-, timangoti ma CD. Nanga tikamalemba "ma CD's" pa kalata yofunsira ntchito, tikuchulukitsa kangati?