Tsiku la chinkhoswe cha digiri si limene boma la Mangalande limawerenga



Ndimakhala ku Njakwa, pafupi ndi mlatho wa South Rukuru. Ndinaphunzirako ku Mangalande ndipo ndinabwerera kuno, choncho makolo amene ana awo ali kumeneko amakonda kundifunsa za mapepala. Ambiri amaganiza kuti mwana amayamba kufuna viza ya ntchito akavala mkanjo wa digiri. Tsiku lofunika ndi lina: limene viza ya sukulu ikutha.

Nditenge nkhani ya muphwa wanga. Anachita digiri yachiwiri ya miyezi 12, yomwe inatha kumapeto kwa Sepitembala 2024. Pa maphunziro a utali wotero boma limawonjezera miyezi 4, ndiye viza yake inali yotha kumapeto kwa Januwale 2025. Iye ankafuna viza yotchedwa Graduate, imene inayamba mu Julayi 2021. Imalola munthu kugwira ntchito zaka 2 popanda kampani yomuimira, kapena zaka 3 kwa a digiri ya udokotala.

Miyezi 4 imaoneka yambiri, koma si yonse imene ili yako. Sungapemphe viza imeneyi yunivesite isanadziwitse ofesi ya Home Office kuti wakhoza. Zotsatira za muphwa wanga zinatuluka kumapeto kwa Novembala, kotero anatsala ndi miyezi 2 yokha. Mwambo wolandira digiri suyenera kuudikira, pakuti nthawi zina umachitika viza itatha kale. Amene ali pa ngozi zedi ndi wobwereza mayeso kapena wopempha nthawi yowonjezera yolembera kafukufuku. Zotsatira zake zikatuluka mu Febuluwale, mwayi wapita, pokhapokha yunivesite itamuthandiza kuwonjezera viza ya sukulu, ndipo si nthawi zonse zimatheka. Musanavomere tsiku latsopano la mayeso, liyikeni pambali pa tsiku lothera viza.

Chimene chinativuta ife pabanja ndi ulendo. Mu Disembala tinali ndi mwambo wa chiliza cha agogo ake, ndipo mlongo wanga ankafuna mwana wake apezekepo. Koma viza ya Graduate imapemphedwa uli m'dziko momwemo, ku Lilongwe sangakulandire. Komanso ukatumiza pempho n'kutuluka m'dzikomo yankho lisanabwere, amalitenga ngati walichotsa wekha. Yankho limatenga mpaka masabata 8. Ndinamuuza kuti, “Iwe, sankha chimodzi. Ubwere msanga n'kubwerera viza isanathe, kapena utumize pempho ukhale komweko.” Anatumiza kumayambiriro kwa Disembala, mwambowo anauonera pa foni. Amayi ake anadandaula, ndipo sindiwadzudzula. Chotonthoza n'chakuti ukapempha viza yakale isanathe, umakhala movomerezeka podikira yankho, ngakhale tsikulo litadutsa.

Ndalama nazo zili ndi nthawi yake. Mu 2024 pempho linali mapaundi 822, kuphatikiza mapaundi 1,035 a zachipatala pa chaka chilichonse, zonse pamodzi mapaundi 2,892, zolipira nthawi imodzi. Banja lodalira fodya silipeza zotere mu Disembala, msika utatsekedwa kale ndipo ndalama zapita ku feteleza. Ife tinayamba kusonkha mu Juni.

Amene anapita pa thandizo la Chevening kapena Commonwealth asadzivute ndi zonsezi asanawerenge pangano lawo. A Chevening amasainira kubwerera kwawo kwa zaka 2, ndipo aliyense amene analipiriridwa zonse ndi boma kapena bungwe lotero amafunika kalata yachilolezo yochokera kwa omulipirirawo.

Viza ya Graduate siwonjezeredwa, ndipo munthu amaipeza kamodzi. Yotsatira ndi Skilled Worker, yofuna kampani yokhala ndi chiphaso choimira alendo. Apa achinyamata amagona. Amagwira ntchito chaka ndi theka pa kampani yabwino, kenako n'kumva kuti ilibe chiphasocho. Mndandanda wa makampani ovomerezeka uli poyera pa gov.uk, ndipo ine ndimati auone asanasaine kalata ya ntchito. Kampani ikapereka Certificate of Sponsorship, pempho liyenera kutumizidwa pasanathe miyezi 3.

Pali kanthu kena kobisika. Kuyambira Julayi 2025 malipiro ofunika pa viza imeneyi ndi mapaundi 41,700 pa chaka, koma ongoyamba kumene ntchito amaloledwa ndi ochepera apo. Mwayi wa ongoyambawo ndi wa zaka 4 zokha, ndipo zaka za pa Graduate amaziwerengera momwemo. Wodya zaka 2 zonse pa Graduate amatsala ndi 2 kuti malipiro ake akwere kufika pa mlingo wonse.

Boma lakumeneko linalengezanso kuti opempha Graduate kuyambira 1 Januwale 2027 azipatsidwa miyezi 18 yokha, kupatula a digiri ya udokotala. Wonyamuka mu Sepitembala 2026 kukachita digiri yachiwiri adzagwa m'lamulo limeneli.