Mawu amene ndinataya m'kabokosi

Pa tchuthi chapitachi azakhali anga ku Nsaru anandipatsa chikalata chofotokoza Lamulo la Malo a Makolo la 2016. Chinali chachitali, cha m'Chingerezi, ndime zake zothithikana ngati munda wosapalira. "Iwe wa ku yunivesite, tatiuza za komiti ya malo," anatero.

Sindinathamangire kumasulira. Ndinatenga mafunso awo n'kuwasandutsa mitu: "Ndani amakhala m'komiti?" "Amawasankha ndani?" Pansi pa mutu uliwonse ndinaika mfundo imodzi, ziganizo zosaposa zitatu, ndi nambala ya gawo la lamulo kuti wokayika akadzionere yekha. Kabokosi ka chidule ndinakalemba pomaliza, koma ndinakaika pamwamba.

M'kabokosimo ndi momwe ndinalakwitsa. Lamulo limati gulupu akhale wapampando, ndipo pakhale anthu ena 6 osankhidwa, mwa iwo amayi asachepere atatu. Ine pofuna kufupikitsa ndinangolemba kuti "amayi atatu".

Ndinapempha azakhali kuti awerenge kabokosi kokha, andiuze zimene amva. "Ndiye kuti mayi wachinayi saloledwa?" anandifunsa. Manyazi anandigwira. Lamulo linaika poyambira, ine ndinaika polekezera, ndipo mayi wina akanaopa kupikisana nawo chifukwa cha pepala langa.

Ambiri amawerenga kabokosi kokha. N'chifukwa chake masiku ano ndisanadule chilichonse ndimayamba ndadula mzere kunsi kwa mawu ngati "osachepera", "pokhapokha" ndi "pasanathe". Amenewo amalowa m'kabokosi, ngakhale katalike.