Manotsi asamadutse njira yachidule

Ntchito yanga ndi kufupikitsa mabuku. Ndimatenga mutu wa m'buku la sekondale, masamba khumi mwina, n'kuusandutsa masamba awiri oti mwana wa Fomu 4 awerenge pamene mayeso a MSCE ayandikira. Masiku ano ntchitoyi yalowereredwa ndi timapamfuleti totsika mtengo togulitsidwa pafupi ndi malo ochitira fotokope, ndipo makolo akamva mtengo wanga amati, "Aphunzitsi, kumsika zomwezi n'zotchipa." Si zomwezo ayi. Timapamfuletito timatola mfundo zonse za m'mutu n'kuzisanja mwatsopano m'matebulo, pomwe ine ndimakana kusuntha mfundo pamalo pamene wolemba buku anaiika, chifukwa nthawi zambiri malowo ndiwo amafotokoza mfundoyo.

Titenge mutu wa Bayoloje wa kagayidwe ka chakudya m'thupi. Buku limayenda ndi chakudyacho: m'kamwa, kummero, m'mimba, m'matumbo aang'ono, kenako aakulu. M'kamwa, amilezi wa m'malovu amayamba kuphwanya sitachi kukhala shuga wotchedwa malitozi. M'mimba muli asidi wamphamvu, pH yake pafupifupi 2, amene pepisini amamufuna kuti aphwanye mapuloteni, koma amene amaimitsa amilezi uja. Chakudya chikafika kuchiyambi kwa matumbo aang'ono chimakumana ndi ndulu yochokera ku chiwindi ndi madzi ochokera ku kapamba, zomwe zimathetsa ukali wa asidiyo, ndipo kapamba amatulutsanso amilezi wina. Wa pamfuleti amaona amilezi kawiri, n'kuganiza kuti wapeza pofupikitsa. Amalemba mzere umodzi: amilezi, m'kamwa ndi m'matumbo, sitachi kukhala malitozi. Bodza palibe pamenepo, koma mimba imene inali pakati yachoka, ndipo mwana sangathenso kunena chifukwa chake thupi limafuna amilezi kawiri. Ndulu nayo imavutika. Si enzaimu, imangogawa mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono kuti lipezi apeze pogwira pambiri, ndiye m'tebulo la maenzaimu ilibe mpando. Ena amaitaya, ena amaikankhira momwemo, mwana n'kukalemba pamayeso kuti ndulu ndi enzaimu.

Povuta penipeni ndi pamene ndime imodzi ikupatsira inzake. Aphunzitsi amene anandisula pantchitoyi sankayang'ana n'komwe mfundo zikuluzikulu, poti zimenezo aliyense amaziona. Cholembera chawo chofiira chinkasaka timawu tolumikiza: chifukwa, choncho, koma, kenako. Ankalola kudula zitsanzo, kudula mawu oyamba a mutu, ngakhale kudula chithunzi, koma ukadula "choncho" ankakubwezera pepala lonse. Ankafunanso nambala ya tsamba la buku m'mphepete mwa mzere uliwonse, ndipo manambalawo azikwera basi, 41, 41, 42, 43. Ukaona 45 pamwamba pa 42, udziwe kuti wasuntha chinthu. Mpaka lero ndime iliyonse ya m'buku ndimaipatsa mzere umodzi kapena iwiri, mzere wotsatira uyambe ndi kamawu kosonyeza mmene ukugwirirana ndi wapamwamba pake. Poyesa, ndimaphimba pepala n'kumatsegula mzere umodzi umodzi. Ngati sindingathe kulosera chimene chikubwera pansi, ndiye kuti pali chimene ndadumpha.

Otsutsa amati a MANEB safunsa motsata masamba a buku, ndipo tebulo limalowezeka msanga. Zoona, funso lalifupi lofuna dzina la enzaimu tebulo limaliyankha. Koma funso loti mwana afotokoze zimene zimachitikira nsima ya nyemba kuchokera m'kamwa mpaka kulowa m'magazi limafuna ulendo wonse, ndipo amene analoweza tebulo amayamba kutchula timinofu toyamwa chakudya ta m'matumbo chakudyacho chisanagayidwe. Wodziwa ulendo angathe kudzipangira tebulo yekha m'mphindi zochepa, pomwe woloweza tebulo sangatulutsemo ulendo. N'chifukwa chake tebulo ndimaliika ndithu, koma kumapeto.

Chitsutso cholemera ndi choti si buku lililonse linasanjidwa bwino. Alipo mabuku amene amatchula pH patsamba lino n'kudzaifotokoza masamba atatu kutsogolo. Ngakhale pamenepo sindisuntha kanthu. Ndimaika kamuvi ndi nambala ya tsamba lofotokozalo, chifukwa manotsi ndi oti mwana akasokonezeka abwerere nawo ku buku, ndipo m'sukulu zimene ana angapo amagawana buku limodzi, amene walipeza madzulo amodzi okha alibe nthawi yosakasaka kumene mfundo inachokera. Zimenezi zimadya pepala ndi nthawi, ndipo kholo lofuna mutu wonse patsamba limodzi ndimaliuza kuti tsamba lachiwirilo ndi la timawu tolumikiza tija, ndipo nalonso n'lolipira.