Phewa limene linagulukapo kamodzi

Pali kaimidwe kamodzi ka mkono kamene munthu amene phewa lake linagulukapo sakaiwala. Kwezani chigongono chifike pa msinkhu wa phewa, dzanja liloze kumwamba, kenako mulikankhire kumbuyo ngati mufuna kuponya mwala. Kwa inu amene muli bwino palibe chachilendo. Kwa ine, miyezi itatu yathunthu, mkono ukangofika pamenepo thupi lonse linali kuuma, mtima n'kugunda, ngakhale kuti sipanali kupweteka. Ndinali kungomva kuti fupa lili pakhomo, lifuna kutuluka.

Ndine golokipa wa katimu ka kwathu kuno ku Chongwe, ndipo phewa langa lamanja linaguluka ndili ndi zaka 23. Munali mu Ogasiti, nthaka ya pabwalo itauma gwa ngati simenti. Ndinalumpha kuti ndichotse bola yochokera pakona, wosewera wa timu ina anagunda mkono wanga uli m'mwamba, n'kuubweza kumbuyo. Nditakhala pansi ndinaona kuti phewa lataya kubulungira kwake, lasongoka ngati ngodya ya tebulo, ndipo mkono sunalole kugona pamimba.

Anzanga awiri anali atandigwira kale dzanja kuti akoke. Akochi, mdala amene waona zambiri pa bola, anawakalipira. "Musiyeni mwanayo! Mwaona mkati inu?" Anamangirira mkono ndi chitenge mmene unalili, tinakwera galimoto ya munthu wina mpaka kuchipatala. Kumeneko ndinamva chifukwa chake anakana. Nthawi zina phewa likamaguluka fupa limathyokanso, ndipo wokoka asanaone chithunzi cha ekisireyi akhoza kukulitsa pothyokapo kapena kuvulaza mtsempha. Adokotala anayamba andikhudza kunja kwa mkono, mmunsi pang'ono mwa phewa, n'kufunsa ngati ndikumva. Pamenepo pakachita dzanzi ndiye kuti mtsempha wozungulira khosi la fupalo wakokeka. Ine ndinamva. Anandijambula, anandibaya jekeseni, anabwezera fupa m'malo mwake, anandijambulanso.

Ululu unachepa pa milungu iwiri, koma mantha ndiwo anatsala, ndipo sanali a pabwalo pokha. Povala malaya ndinali kuyamba ndaima kaye n'kuganiza. Mu minibasi ya ku Lusaka, dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi pa Great East Road, ndinali kufumbata mkono pachifuwa ngati khanda. Usiku ndinali kudzidzimuka poganiza kuti ndagona dzanja lili pansi pa mutu. Kunyumba inali nthawi yokweza matumba a chimanga pangolo, ndipo ine, mnyamata wamkulu wa pakhomo, ndinali kungoonerera atate ndi mng'ono wanga akutuluka thukuta. Chinandiwawa kwambiri ndi chimenechi kuposa kuphonya masewera.

Mayi wa fiziyo amene anandithandiza sanandiuze kuti ndisaope. Anandifotokozera chimene ndikuopa. Mutu wa fupa la mkono ndi wobulungira ndiponso waukulu, koma kambale kamene umakhalapo n'kakang'ono komanso kosaya, moti gawo lochepa chabe la mutuwo ndilo limakhudza kambaleko pa nthawi imodzi. N'chifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse kuposa mwendo, n'chifukwa chakenso phewa limaguluka msanga kuposa mfundo zina zikuluzikulu za thupi. M'mphepete mwa kambaleko muli mkombero wa chichereŵechereŵe umene umagwira ntchito ya nkhata pansi pa mtsuko. Phewa likagulukira kutsogolo, monga limachitira mwa anthu oposa 9 pa 10 aliwonse, kawirikawiri nkhatayi imang'ambika chakutsogolo ndi mmunsi. Madokotala amatchula kung'ambikaku ndi dzina la Bankart, dokotala wa ku England amene anakufotokoza mu 1923. Fupa likabwezedwa, nkhata ija nthawi zambiri simata bwinobwino pamalo pake. Kaimidwe koponyera mwala kaja ndiko kamakankhira mutu wa fupa pamalo pong'ambikapo, ndiye thupi likamakana limakhala likudziwa chimene likukana.

Anandiuzanso chosakoma kumva, kuti msinkhu ndiwo umanena zambiri. Mwa anyamata ndi atsikana osakwana zaka 25 amene amabwerera ku masewera ogundana kapena oponya, oposa theka phewa limagulukanso, makamaka m'zaka ziwiri zoyamba. Kwa munthu wopitirira zaka 40 kubwereza sikuchitika kawirikawiri, koma iye vuto lake limakhala kuduka kwa minyewa, kotero ngati pakapita milungu ingapo mkono sukukwera ayenera kubwerera kuchipatala. Ngakhale a ndalama zawo sapulumuka. Bryan Robson, kapitawo wa Manchester United ndi England, anapita ku mpikisano wa dziko lonse wa 1986 ndi phewa limene linali litagulukapo chaka chomwecho, ndipo linagulukanso pa masewera ndi Morocco, mpikisano wake n'kuthera pomwepo.

"Nanga amayi, zolimbitsa thupizi n'zachiyani ngati nkhata yang'ambika kale?" ndinafunsa.

"Nkhata sitingaisoke ndi zimenezi, mwana wanga," anatero. "Koma mtsuko ukhoza kukhala pa nkhata yotha ngati manja ougwira ali tcheru."

Manja amene ankanenawo ndi minyewa inayi ing'onoing'ono yochokera pa fupa lophwatalala la kumsana, imene imakumbatira mutu wa fupa la mkono n'kuukanikizira pakati pa kambale. Si minofu ikuluikulu imene anyamata amaonetsa akavula malaya. Munthu akhoza kukhala ndi chifuwa ngati khomo koma phewa lake n'kumagulukabe.

Ntchito inayenda m'magawo atatu. Milungu iwiri yoyamba mkono unali m'nsalu yokoleka m'khosi. Ndinafuna kuusungamo mwezi wathunthu, koma anati kuuchedwetsa m'nsalu sikuchepetsa mwayi woti uguluke, kumangoumitsa phewa. Ndinali kuutulutsa kangapo patsiku kuti ndiwongole chigongono, ndi kuwerama n'kuusiya ulendewere uku ukuzungulira pang'onopang'ono. Nditachotsa nsalu ndinayamba kukankha khoma popanda kusuntha mkono. Chigongono chili m'nthiti, chopindika ngati ngodya, ndinali kukankha khoma ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kuwerenga mpaka 5, n'kupuma, maulendo 10. Kenako chimodzimodzi ndi chikhatho pa mphuthu ya chitseko. Mphamvu yake inali theka chabe la imene ndikanatha.

Gawo lachiwiri linayamba pa mlungu wa 6, ndipo apa m'pamene pali phata la nkhani yonse. Lamba wa mphira wa kuchipatala ndinalibe, choncho tinadula chubu chakale cha njinga n'kupanga malegeni, aja timamangira katundu pakaliyala. Ndinamanga legeni pa chitsulo cha pazenera pa msinkhu wa mchombo, ndinapinda thaulo n'kulipana pakati pa chigongono ndi nthiti, n'kumakokera dzanja kunja ngati chitseko chikutseguka, chigongono chili mahinjesi. Thaulo lija ndi mboni: likagwa ndiye kuti chigongono chachoka m'nthiti ndipo minofu ikuluikulu yalanda ntchito. Ndinali kukoka maulendo 12, kupuma, mpaka katatu, kenako kutembenuka n'kukokera dzanja kumimba chimodzimodzi. Pobweza ndinali kuwerenga mpaka 3, chifukwa kubweza mwapang'onopang'ono kumalimbitsa kuposa kulola legeni likukwatule. Chachitatu chinali kukokera malegeni kuchifuwa ndi manja onse awiri, mafupa a kumsana akuyandikana, mapewa osakwera kumakutu. Chachinayi, kutsamira khoma ndi zikhatho n'kudzikankha, ndipo zigongono zikawongoka, kupitirizabe pang'ono mpaka msana utatambasuka pakati pa mapewa. Ziwiri zomalizazi n'zolimbitsa fupa la kumsana lija, pakuti kambale kali pa ilo, ndipo likamagwedera kambale kamagwedera nalo. Ndinali kuchita tsiku limodzi, lina n'kupuma.

Mmene mungadziwire kuti mwapyola muyeso n'zosavuta. Kutopa ndi kutentha kwa minofu kumene kumatha pofika m'mawa n'kwabwino. Ululu wobaya kutsogolo kwa phewa, kapena umene ukadalipo mawa lake, umatanthauza kuti legeni lakhwima kwambiri; yandikirani pazenera kapena dulani lopyapyala. Koma mukamva fupa likutsetsereka n'kubwerera, kapena mkono ukufa kwa kamphindi, lekani ndipo mukaonane ndi adokotala, chifukwa kumeneko n'kuguluka kwatheka.

Kuti ndisadzinamize, tinali ndi muyeso. Ndinali kugona chammbali, chigongono m'nthiti, n'kumakweza botolo la madzi la malita 2, lomwe ndi makilo 2, mpaka mkono utalephera. Wamanzere unali kufika 20. Wamanja pa mlungu wa 8 unafika 9, pa mlungu wa 11 unafika 14, pa mlungu wa 14 unafika 18. Mayi aja anali atanena kuti mkono wovulala ukafika pa magawo 9 mwa 10 a mnzake ndiye tiyambe kukamba za bola, ndipo 18 pa 20 ndi pomwepo.

Gawo lachitatu ndilo linachiritsa mantha. Phewa likavulala limasokonekera pa kuzindikira pamene mkono uli, moti minyewa imachedwa kugwira. Ndinayamba kukanikiza bola pakhoma ndi chikhatho n'kumaizunguza, maso otsegula, kenako otseka. Mng'ono wanga anali kundigwedeza mkono mbali zosayembekezeka ine n'kumaulimbitsa pamalo amodzi. Mlungu uliwonse tinali kuukweza pang'ono, kuchokera pachifuwa, kufika pa phewa, mpaka pa kaimidwe koopsa kaja. Atatha zimenezo anayamba kundiponyera bola, yofewa kaye, m'munsi kaye. Ndinabwerera pagolo patapita miyezi inayi, ndipo matumba ndinayamba ndi kuwanyamula titagwirizana awiri, osaponya pamwamba pa mutu.

Tsopano papita chaka ndi theka, ndipo malegeni akadali pazenera. Ndimawakoka kawiri pa mlungu, pakuti mphamvu imeneyi ukaisiya imabwerera m'mbuyo. Sindinganene kuti phewa langa lili ngati kale. Kuguluka kulikonse kukhoza kudya m'mphepete mwa kambale ndi kuboola kadzenje kumbuyo kwa mutu wa fupa, kotero kwachiwiri kumatsegulira njira kwachitatu, mpaka munthu limamugulukira ali m'tulo. Pa chifukwa chimenechi ndinapangana kale ndi akochi ndiponso atate: likadzatuluka kachiwiri, kapena ndikadzangomva likutsetsereka, magolovesi ndipereka kwa wina tsiku lomwelo, ndikapemphe kalata yopita kwa madokotala a mafupa ku Lusaka, tikakambe za opaleshoni yosoka nkhata ija fupa lisanadyeke.