Filiji imodzi, mitengo itatu

Anzanga, filiji ya malemu mayi idatsala pang'ono kutidanitsa. Achimwene ankati ndikuwabera, poti pepala la inshuwalansi linkati K900,000. Komatu umenewo ndi mtengo wogulira ina yatsopano iyi ikapsa.

Nditaitsatsa pamsika wa Liwonde, wogula adaloza dzimbiri, nachotsera yokonzetsera ndi phindu lake. Akuti K350,000 basi.

Pogawana chuma chamasiye, tidauzidwa kuti tiwerengere ndalama imene ikadagulitsidwa tsiku lomwe mayi adatisiya, wogulitsa asali pachangu. Idakwana K500,000. Ndidaitenga ine kuti ndiziziziritsira thobwa, achimwene n'kuwapatsa theka, K250,000.

Inu mukamva mtengo wa katundu, musafulumire kupsa mtima. Yambani mwafunsa kuti adauwerengera ntchito yanji, tsiku liti.