Tsiku limene ndinauza amayi kuti "tagwirizana"

Amayi anga amakhala okha kufupi ndi nyanja ya Chia, kum'mwera kwa boma la Nkhotakota, kuyambira pomwe bambo anatisiya. M'mwezi wa February 2024 madzi atasefukira ku Dwangwa, komanso nyanja ya Malawi itayamba kudya minda ndi nyumba za m'mphepete, ife ana tinachita mantha. Tinakambirana pa WhatsApp usiku umodzi, tinamanga mfundo, ndipo ine monga wotsiriza kubadwa ndinatumidwa kuimba foni.

"Amayi, tagwirizana kuti mubwere mudzakhale kwa achemwali ku Lilongwe."

Anakhala chete, kenako anafunsa: "Mwagwirizana ndi ndani, mwana wanga? Ine ndinali kuti?" Sabata ziwiri zotsatira ankangoyankha moni basi.

Ndinapita kukadandaula kwa amalume, alongo awo a amayi, ndikuganiza kuti andithandiza kuwakakamiza. M'malo mwake anandiwerengera zimene ndinawapempha amayi kuti asiye. Mudzi uja ndi wawo, bambo ndiwo anachita kubwera chikamwini. Dimba la mpunga ndi munda wa chinangwa anawasiyira ndi agogo, ndipo munda ukagona zaka ziwiri malire amayamba kuyenda okha. Manda a bambo ali pomwepo. Pamaliro ndi pazinkhoswe amayi amafunsidwa nzeru. Ku Lilongwe akanakhala mlendo m'nyumba ya mkamwini, wodikira kupatsidwa nsima, wotsekeredwa kumpanda tsiku lonse eni ake ali kuntchito. Kunena zoona, ife tinkafuna tizigona tulo tabwino, ndipo mantha athuwo tinawatcha chikondi.

Ndinakwera basi kudzera ku Salima, nkukakhala masiku anayi osatchula za kusamuka. Ndinkangoyang'ana. Mapiritsi a BP omwe anayenera kutha mwezi umenewo anali atatsala pafupifupi theka, kusonyeza kuti masiku ena amadumphitsa. Ndowa ya malita 20 sankaisenzanso yodzaza. Chinangwa cha kondowole chimafuna kukumba, kusenda, kuviika masiku angapo, kuyanika ndi kusinja, ndipo ndinaona kuti amaviika chochepa kuti athe kunyamula. Koma kuphika, kuwerenga ndalama, kukumbukira yemwe ali nawo ngongole, zonsezi zinali bwinobwino. Chofooka chinali msana ndi mawondo, mutu ayi.

Tsiku lachitatu, amalume ali pomwepo, tikusankha usipa pakhonde, ndinayamba ndi kupepesa za foni ija. Kenako ndinafunsa funso lina: "Amayi, pa ntchito zapakhomo pano, ndi iti yomwe ikukuvutani kwambiri?" Anatchula madzi ndi nkhuni. Patapita kanthawi, maso ali pa lichero, anawonjezera kuti usiku mwera ukamawomba amaopa kugwa popita kuchimbudzi popanda wowamva. Zimenezi sakanandiuza pa foni, chifukwa ankadziwa kuti tikanazigwiritsa ntchito ngati umboni wowasamutsira.

Zomwe tinamanga tsikulo anazitchula okha, ife tinkangowonjezera. Mdzukulu wa amalume, mtsikana wa sekondale yoyendera, azigona kwa amayi, ndipo anamusankha ndi amayiwo. Ife tizilipira fizi yake, koma ntchito yake ikhale madzi a m'mawa ndi kukhala nawo usiku, sukulu isasokonekere. Ndalama zapamwezi zizifika pa foni ya amayi, osati ya mtsikanayo. Apa ndinalimbikira nditaona kwa anzathu ena kuti wosunga ndalama ndi amene amasanduka mwini khomo, gogo nkumapempha ya sopo m'nyumba yake yomwe. Waganyu wa kumunda azimulemba ndi kumulipira okha. Tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala ku boma, kabaza tizilipira ife.

Za kusamuka sitinazikwirire. Amalume ndi amene anafunsa: "Achemwali, nanga zitafika pati kuti muvomere kuchoka?" Amayi anatchula ziwiri: madzi akadzafika pa mtengo wa mango wa kuseri, kapena akadzagwa nkulephera kudzuka okha. Tinazilemba m'kope, iwo akuona. Anavomeranso kumapita ku Lilongwe mpunga ukakololedwa, koma anati azipita kukacheza, ndipo tsiku lobwerera azinena okha.

Sikuti zonse zinayenda. Achemwali anga mpaka lero amati ndinagonja msanga, ndipo mvula ikamagwa usiku nanenso ndimadzuka kuyang'ana foni. Mtsikana uja alemba mayeso a Fomu 4 chaka chamawa, ndiye nkhaniyi tidzaiyambanso. Ulendo wapitawu ndinawerenganso mapiritsi mwakabisira, amayi nkundipeza. Anandilanda kapepalako nati, "Ukafuna kudziwa uzindifunsa. Ndadumphitsa awiri, tsiku la maliro ndi mawa lake."